Bambo akangoti zii mkangano uli mkati

"Tikayambana, amuna anga amangoti zii, kenako n'kunyamuka ulendo wa kunyanja. Kodi umenewu ndi mwano?"

Mayi, kawirikawiri si mwano, koma chizolowezicho chimagwetsa banja mukachilekerera. John Gottman, wa ku yunivesite ya Washington ku America, ankajambula maanja akukangana uku akuyeza kugunda kwa mitima yawo. Anapeza kuti munthu wongoti zii mkati mwake mumakhala mukuwira: mtima ukamagunda kopitirira ka 100 pa mphindi, mawu salowanso m'khutu. Inu mumaona ngati sakusamala, mumakweza mawu, iwo n'kutsekeratu.

Kambiranani tsiku lomwe muli pamtendere, mugwirizane kuti wothedwa nzeru azinena kuti, "Ndipumeko kaye, tipitiriza tikadya nsima." Kupumako kusachepere mphindi 20, chifukwa thupi limachedwa kuzizira, ndipo isakhale nthawi yokonzekera mayankho. Wochokayo ndiye abwerere n'kuyambitsanso nkhani. Akapanda kutero, kumeneko n'kuthawa basi.

Onetsetsani ngati pali kutsonya, kuseka monyogodola kapena mawu oti "ungandiuze chiyani iwe". Pa kafukufuku uja, kunyoza ndi kumene kunkalosera kwambiri kutha kwa banja, chifukwa kumatsitsa munthu yense, osati cholakwa chake chokha. Nanunso yambani mofatsa: "Ndalama ya nsomba ija sinandifike, ndadandaula" imamveka kusiyana ndi "Simusamala za ana."

Kusayankhulana kukamafika masiku, itanani ankhoswe kapena mlangizi wa mabanja. Ngati pali kumenya kapena kuopseza, thamangirani ku Victim Support Unit ya polisi konkuno ku Mangochi.