Imelo yotsina khutu isadutse mmanja mwa amene yamutchula

"Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndangolowa kumene mu bodi ya kampani ina, ndiye dzulo ndalandira imelo yopanda dzina yoti dayilekita wa zachuma akumalipira saplaya wabodza. Atcheya akuti tingoyitumiza kwa bwana wamkulu wa kampani akaone okha. Kodi bodi imayenera kutani, nanga walembayo timuteteza bwanji?"

Achimwene, chonde imeloyo musayifowade kwa aliyense kaye, ngakhale kwa atcheyawo ngati simunawapatse kale yonse. Ine ndinagwirako ntchito ya oditi ya mkati mwa kampani zaka zingapo ndipo nkhani zambiri zotere zimafera pompa, tsiku loyamba, osati chifukwa anthu a mu bodi ndi oipa ayi koma amaganiza kuti kupereka kwa bwana wamkulu ndiye ulemu. Taganizani, dayilekita wa zachuma amalipota kwa ndani tsiku ndi tsiku? Kwa bwana yemweyo. Mwina ndi iwo anamulemba ntchito, mwina mapepala ena olipirira saplayayo anasainaponso iwo osawerenga. Olo atakhala oyera ngati chiyani, chinthu choyamba chomwe angachite ndi kumuyitana mnzawoyo mu ofesi nkumufunsa kuti kodi izi nzoona, basi umboni wapita usiku womwewo.

Zinachitikapo ku Enron, kampani yaikulu ya ku Amerika. Mu Ogasiti 2001 Sherron Watkins, wogwira ntchito kumeneko, analembera Kenneth Lay, yemwe anali mkulu wa kampaniyo, kumuchenjeza za mmene mabuku a ndalama ankaphikidwira. Lay anapereka nkhaniyo kwa maloya a Vinson & Elkins, omwenso anagwirapo ntchito pa madilu ena omwe ankadandaulidwawo. Iwo anati palibe chofunika kufufuza mozama, pofika Disembala chaka chomwecho kampani inagwa. Nchifukwa chake lamulo la ku Amerika la Sarbanes-Oxley la 2002 linati makampani a pa msika wa masheya, komiti ya oditi ya bodi ndi imene ikhale ndi njira yolandirira madandaulo a zachuma mwachinsinsi, ngakhale opanda dzina. Kaya lamulo limenelo kampani yanu silikuikhudza, nzeru yake tengani: nkhani yotchula bwana wa pamwamba imapita kwa tcheya wa komiti ya oditi, munthu woti sagwira ntchito mu kampanimo. Ngati komiti yotero mulibe, sankhani madayilekita awiri kapena atatu omwe sali pa peyilolo ya kampani ndipo alibe ubale kapena bizinesi ndi wotchulidwayo. Anthu atatu akwana. Bodi yonse ingodziwa kuti pali dandaulo ndipo likufufuzidwa, osati kugawana imeloyo mu gulupu.

Kenako muyankheni walembayo, pa imelo yomweyo. Anthu ambiri amaiwala zimenezi. Lamulo la European Union la 2019 limati wodandaula ayankhidwe pasanathe masiku 7 kuti uthenga wafika, ndipo pasanathe miyezi 3 auzidwe zomwe zachitikapo, ine ndimaona kuti ndi mulingo wabwino kwa aliyense. Munthu amene watsina khutu nkungomva zii amaganiza kuti mwamugulitsa, ndiye amathamangira kwa atolankhani kapena pa intaneti, pamenepo bodi ilibenso mphamvu pa nkhaniyo. Mu yankho lanu musafunse kuti ndinu ndani. Funsani dzina la saplaya, miyezi yomwe malipiro anatuluka, katundu kapena ntchito yomwe amati anabweretsa, ndi komwe mapepala ake amasungidwa. Muuzeninso kuti asagwiritse ntchito kompyuta kapena imelo ya ku ntchito polemberana nanu, komanso asayambe kufufuza yekha kapena kutulutsa mafayilo omwe saloledwa kuwagwira, chifukwa kumeneko ndi komwe amadzamupezera chifukwa chomuchotsera ntchito.

Tsopano kufufuzako. Lamulo langa ndi loti mapepala kaye, anthu pambuyo, wotchulidwayo komalizira. Tiyerekeze kuti saplayayo akuti amakonza makina ndipo walipidwa ka 14 mu miyezi 10. Wofufuza, kaya ndi mkulu wa oditi ya mkati ngati amalipota ku komiti, kaya ndi akauntanti wa kunja wodziwa za chinyengo, sapita kukapempha fayilo ya saplaya mmodzi yekhayo, zimenezo nkuimba belu. Amapempha mndandanda wa masaplaya onse ndi malipiro onse a chaka ngati oditi wamba, nkusankhamo masaplaya 20, wathuyo ali momwemo. Nthawi yomweyo munthu mmodzi wodalirika wa za makompyuta, wolamulidwa ndi komiti mwa kalata, amakopera imelo ndi zolembedwa za mu sisitimu ya akaunti mwakachetechete nkuletsa kuti chilichonse chisafufutidwe. Ngati wa makompyutayo amalipota kwa dayilekita wa zachuma yemweyo, zomwe zimachitika mmakampani ambiri, tengani wa kunja.

Zomwe amayang'ana si zamatsenga. Tinene kuti lamulo la kampani limati malipiro opitirira 5 miliyoni asainidwe ndi anthu awiri, ndiye mukupeza ma invoisi onse 14 ali pakati pa 4.6 ndi 4.9 miliyoni, onse pansi pang'ono pa malire. Manambala a ma invoisi akutsatana, 101, 102, 103 mpaka 114, kutanthauza kuti miyezi 10 yonse saplayayu analibe kasitomala wina koma inu nokha. Ku wekishopu kulibe jobu khadi olo imodzi yosonyeza kuti makina anakonzedwa, buku la pa geti silikusonyeza kuti munthu wa kampaniyo analowapo. Sisitimu ikuonetsa kuti amene analowetsa saplayayo ndi amene amavomerezanso malipiro ake, yuza imodzi. Ndiye mukafananitsa nambala ya akaunti ya ku banki, foni ndi adilesi ya saplaya ndi zomwe zili mu mafayilo a ogwira ntchito, kapena mukafufuza kwa olembetsa makampani kuti eni ake ndi ndani, nthawi zambiri mpamene dzina la mlamu limatulukira. Chimodzi chokha mwa izi si umboni, saplaya wamng'ono akhoza kukhaladi ndi kasitomala mmodzi. Koma zinayi zikakumana pa saplaya mmodzi ndiye kuti pali nkhani, ndipo onani kuti pofika apa simukudaliranso mawu a wotsina khutu uja, mapepala akuyankhula okha. Chimenechi ndi chitetezo chake chachikulu kuposa malonjezo onse, chifukwa pa hiyaling'i sipafunikanso kumuyimika ngati mboni.

Malipiro a saplayayo omwe sanatuluke muwaimitse, koma mwanzeru, mwachitsanzo kunena kuti masaplaya onse 20 aja adikire oditi ithe.

Wotchulidwayo naye ali ndi ufulu, apa tisanamizane. Imelo yopanda dzina itha kuchokera kwa munthu wa nsanje kapena amene anakanizidwa pulomoshoni. Koma cholinga cha wolemba si chomwe mukufufuza, munthu wokwiya amathanso kunena zoona, inu fufuzani ngati ndalama zinatulukadi. Umboni ukasungika mpamene mumamuyitana dayilekitayo, anthu awiri ofunsa, wina akulemba, nkumuonetsa ma invoisi kuti afotokoze. Imelo ija samuonetsa. Ngati pakufunika kumuyimitsa kaye ntchito kuti asasokoneze mboni, loya wa za ntchito akuuzeni kachitidwe kake molingana ndi malamulo a dziko lanu ndi kontilakiti yake, chifukwa mukaphonya ndondomeko munthu woba amakawina ku khoti kampani nkumulipiranso. Loyayonso akhale woti si amene amadya ndi mabwanawo tsiku ndi tsiku, ndipo akuuzeni ngati lamulo likukukakamizani kukanena kupolisi, kwa oyang'anira bizinesi yanu kapena kwa a inshulansi, poti makontilakiti ambiri a inshulansi amaika nthawi yoti mukhale mutanena.

Za kumuteteza walembayo, choyamba ndi kudziletsa inu eni. Mu miting'i wina adzanena ndithu kuti koma ameneyu ndi ndani, tingomudziwa basi. Mukanize pomwepo ndipo zilembedwe mu maminitsi kuti palibe amene aloledwa kumusaka. Ku Barclays mu 2016 bwana wamkulu Jes Staley anauza a chitetezo cha bankiyo kuti apeze amene analemba makalata opanda dzina opita ku bodi, mu 2018 oyang'anira mabanki ku Britain anamulipiritsa iye mwini mapaundi 642,430. Kungosaka dzina kokhako.

Koma dzina limathanso kuululika popanda wina kulitchula. Ngati imelo ikunena zinthu zomwe anthu atatu okha mu akaunti amazidziwa, kapena ili ndi kalembedwe kodziwika, mawu ena ake omwe munthuyo amakonda, wotchulidwayo akangoiwerenga amuzindikira mu mphindi imodzi. Ndiye wofufuza apatsidwe chidule cholembedwanso ndi mawu anu, ndipo pofunsa anthu afunse dipatimenti yonse mofanana, walembayo afunsidwe ngati wina aliyense, osamudumpha, poti kumudumpha nkumuloza chala.

Akadziulula yekha kwa inu, musamulonjeze kuti dzina lake silidzatuluka zivute zitani, nkhani ikafika ku khoti mwina simungathe. Muuzeni zoona, kuti odziwa ndi anthu awiri awa, ndipo ngati lamulo litakakamiza mudzamuuza iye kaye. Mukatero tengani fayilo yake ya ntchito mmene ilili lero, ma apulezo a zaka zapitazi, malipiro, udindo, muisunge. Chifukwa kubwezera sikubwera ngati kalata yomuchotsa mawa lomwe ayi. Kumabwera pakatha miyezi isanu kapena isanu ndi itatu, munthu amene zaka zonse amakhoza bwino mwadzidzidzi akuti ndi waulesi, amusamutsira ku nthambi yakutali, ku miting'i sakumuyitananso, kenako pakubwera ritilenchimenti dzina lake lili pamwamba. Komiti ilamule kuti kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kusintha kulikonse pa ntchito ya munthuyu kudutse kwa tcheya wa komiti kaye, ndipo wina azimuyimbira miyezi itatu iliyonse kumufunsa mmene zikuyendera. Ngati sanadziulule, njira yake ndi yoti kusamutsa, kuchotsa kapena kulanga aliyense wa mu dipatimenti imeneyo kudutse ku komiti mpaka nkhani itazizira. Wobwezera alangidwe payekha ngakhale zitapezeka kuti dandaulo lija linalibe umboni, bola walembayo ankakhulupirira moona kuti nzoona. Wodandaula wolangidwa ndi yekhayo amene wapeka bodza akudziwa.

Kwa atcheya anuwo musakawatsutse pagulu. Apezeni pa awiri muwauze kuti mukufuna nkhaniyi ipite ku komiti ya oditi kuti bwana wamkulu asadzanenedwe kuti anabisira mnzake, nthawi zambiri akamva choncho amavomera. Akakanabe, alembereni imelo yaifupi yonena tsiku lomwe munalandira dandaulo ndi zomwe mwapempha, ndipo pa miting'i yotsatira mupemphe kuti maganizo anu alowe mu maminitsi. Imelo yoyamba ija isungeni mmene inabwerera, musaifufute, musaisinthe, ndipo lero lomwe muyankheni munthuyo kuti mwalandira.