Kontirakiti yachisanu ikutha: yankho la amalume pa gulu la banja

"Amalume, kuyambira Meyi 2023 ndasaina makontirakiti asanu a miyezi sikisi sikisi pa ntchito yolongedza katundu kuno ku Joni. Pa 6 Okutobala andipatsa kalata yoti pa 31 Okutobala basi, saonjezeranso. Koma kapitawo amandiuza kuti andilemba pemanenti. Ndimalandira R7,500 pamwezi. Ndili ndi mlandu kapena ndingolongedza zanga?"

Eya mphwanga, ndamva. Pepa ndachedwa, ndinali m'takisi, phokoso. Umvere mpaka kumapeto, chifukwa pali nkhani ya tsiku imene ingakugwetse usanayambe n'komwe.

Ndiyambe ndi tsikulo. Mlandu wa kuchotsedwa ntchito umapita ku CCMA, bungwe lomva milandu ya zantchito kuno, pasanathe masiku 30. Anthu ambiri amawerenga kuchokera tsiku lomaliza kugwira ntchito, ndipo pa makontirakiti ngati akowa pamenepo m'pamene amapsera. Lamulo la zantchito la kuno, lija amati LRA, pa gawo 190 limanena kuti ngati bwana sakuonjezera kontirakiti, tsiku lochotsedwa ndi tsiku limene anakudziwitsa kuti saonjezera. Iwe anakudziwitsa pa 6 Okutobala. Ndiye masiku ako 30 akutha pa 5 Novembala, osati kumapeto kwa Novembala ayi. Ukachedwa uyenera kupempha kuti akukhululukire kuchedwako, ufotokoze chifukwa, ndipo akhoza kukana. Fomu yake ndi LRA 7.11, salipiritsa, loya safunika. Ngati ntchito yanuyo ili pansi pa khonsolo ya mabwana ndi mayuniyoni, mlandu umapita kumeneko, a CCMA akulozera.

Tsono funso lako lenileni. Kusaina kasanu pakokha sikukusandutsa wa pemanenti. Ichi ndikufuna uchimve bwino, chifukwa nthawi imene ndinali woimira anzanga mu yuniyoni ndinkamva tsiku ndi tsiku anthu akuti, "akakuonjezera katatu ndiye kuti walowa." Palibe nambala yotero m'lamulo. Chimene chilipo ndi makomo awiri, ndipo iwe ukuyang'ana khomo lovuta, pamene losavuta lili pambali pako pompo.

Khomo lovutalo ndi gawo 186. Limati ngati unali ndi chiyembekezo chomveka choti akuonjezera kontirakiti, kapena choti akusunga pa ntchito yokhazikika, koma bwana sanatero, kumeneko ndi kuchotsedwa ntchito, ngakhale iye anene kuti kontirakiti yangotha yokha. Uone kuti ndi ziyembekezo ziwiri zosiyana. Cha pemanenticho chinalowa m'lamulo mu Januwale 2015. Kale kunalibe. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Pretoria anaonjezeredwa kangapo, anafunsira malo okhazikika osam'tenga, khoti la apilo la zantchito linati lamulo la nthawi imeneyo limangoteteza woyembekeza kuonjezeredwa, osati woyembekeza pemanenti. Kenaka aphungu anakonza lamulolo.

Koma mawu oti "chomveka" ndi amene amaluma. Komishonala, amene amamva mlandu ku CCMA, safunsa chabe ngati iweyo mumtima unkayembekeza. Amafunsa kuti, munthu wina wanzeru zake, ataima pamene unaima iwe, ataona zimene unaona, akanayembekeza? Ndipo umboni woti unachotsedwa ndi wako kubweretsa, si wa bwana. Ukaubweretsa, m'pamene iye amayamba kufotokoza kuti anachita mwachilungamo.

Ndiye tiyeni tim'tenge kapitawo wakoyo. Ali ndi mphamvu yolemba munthu ntchito? Amene amasaina makontirakiti ako ndi iyeyo, kapena ndi a ku ofesi? Ngati iye ntchito yake ndi kugawa mashifiti basi, mawu ake ndi opepuka. Ngakhale anyamata a ragibi a Springboks zinawaonekera. Itatha World Cup ya 2003, ena mwa iwo anadalira zimene kochi anawauza, kochiyo anachoka, ndipo mu 2008 khoti la apilo linati chiyembekezo chawo sichinali chomveka. Anthu otchuka, a maloya awo, koma anagwa. Ndiye iwe usapite ndi "kapitawo anati" yekha.

Zimene zimalemera ndi izi. Uthenga wolembedwa, ngakhale wa pa WhatsApp, wochokera kwa manijala kapena a ku ofesi, wonena za pemanenti, makamaka ukatchula nthawi. Anzako amene munayamba limodzi, atatha makontirakiti awiri atatu n'kulembedwa okhazikika popanda intavyu, chifukwa zikusonyeza kuti ndi mmene kampaniyo imachitira. Dzina lako kupezeka pa ndandanda wa mashifiti a Disembala pamene kontirakiti ikutha Okutobala. Kutumizidwa ku maphunziro, monga oyendetsa fokolifiti, ndi ndalama za kampani. Ndipo chachikulu, ngati pa 1 Novembala pa tebulo lako paima munthu wina akulongedza katundu yemweyo. Unandiuzapo chaka chatha kuti kontirakiti ina inatha, unagwirabe masabata angapo osasaina kanthu, akulipira bwinobwino. Peyisilipi ya mwezi umenewo uisunge ngati dzira. Ikusonyeza kuti tsiku lothera la pa pepala iwo eni ake sankalilabadira.

Udzaona m'kontirakitimo muli chiganizo choti usayembekezere kuonjezeredwa. Pafupifupi onse amalemba. Chimawathandiza, koma si khoma. Makhoti ananena kale kuti zochita za bwana zikhoza kuposa chiganizo chimenecho. Mbali inayo, ngati analengeza malo a pemanenti, iwe n'kufunsira, n'kupikisana ndi ena, n'kulephera, chiyembekezo cha pemanenti chafooka kwambiri, poti wopikisana amadziwa kuti akhoza kugwa. Undiuze zoona pamenepa.

Kuona kwanga, ndi zimene wandiuzazi, chiyembekezo choti akuonjezera miyezi ina sikisi uli nacho cholimba ndithu. Anaonjezera kanayi, ntchito ikadalipo. Cha pemanenti kudzera m'mawu a kapitawo n'chofooka pokhapokha pali cholembedwa. Ndipo kusiyana kwake si kwamasewera, chifukwa ukapambana pa choyambacho chimene ungapeze nthawi zambiri chimayezedwa ndi kontirakiti imodzi ina, osati ntchito ya moyo wonse.

Tsono khomo lachiwiri, limene ine ndingayambire, gawo 198B. Ili silifunsa n'komwe zimene unkayembekeza. Ndi la anthu olandira ndalama zochepa, osapyola malire amene boma limaika. Mu Epulo 2025 malirewo anaikidwa pa R261,748.45 pachaka. Iwe R7,500 kuchulukitsa ndi 12 ndi R90,000, uli pansi kutalitali. Gawoli limati bwana sangakusunge pa kontirakiti ya nthawi kupitirira miyezi itatu pokhapokha ntchitoyo payokha ili ndi mathero, kapena pali chifukwa chomveka. Ndipo chifukwacho chilembedwe pamene akukupatsa kapena kukuonjezera kontirakiti. Ngati palibe chifukwa chovomerezeka, lamulo limakutenga ngati wolembedwa wopanda tsiku lothera. Ndiye kuti mwina pemanenti imene ukuipemphayo unali nayo kale osadziwa, ndipo kalata ya pa 6 Okutobala ndi kuchotsa munthu wokhazikika popanda mlandu, popanda kumumva.

Zifukwa zovomerezeka ndi monga kugwirizira malo a munthu amene wachokapo kwakanthawi, tinene wapita kukachira, ntchito ya nyengo ngati yothyola mphesa, pulojekiti yokhala ndi mathero, kapena ntchito itachuluka kwakanthawi kosapitirira miyezi 12. Ichi chomalizachi ndi chimene malo osungira katundu amakonda kulemba. Koma iwe wagwira miyezi 30. Kuchuluka kwa ntchito kwa zaka ziwiri ndi theka si kwakanthawinso, imeneyo ndi ntchito ya kampaniyo ya masiku onse. Chenjezo limodzi: gawoli siligwira bwana wa antchito osakwana 10, kapena wa antchito osakwana 50 amene bizinesi yake sinathe zaka ziwiri. Kwanuko munali anthu ambirimbiri pamene ndinabwera kudzakuona, ndiye sindikuda nkhawa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi, ndipo chimatikhudza ife obwera. Pa mndandanda wa zifukwa zovomerezekazo palinso chakuti wantchitoyo si nzika ndipo ali ndi pemiti ya nthawi yoikika. Loya wa kampani adzathamangira pamenepo. Ndiye tenga makontirakiti onse asanu usiku uno, uwerenge pamene alemba chifukwa. Ngati analemba za pemiti, ndipo tsiku lothera kontirakiti likugwirizana ndi tsiku lothera pemiti, khomo ili lakuvuta, ubwerere ku gawo 186. Koma ngati pemiti yako ikutha chaka chamawa, makontirakiti ndi a miyezi sikisi sikisi, za pemiti sanazitchule paliponse, ndiponso anzako a konkuno akusainitsidwa mapepala omwewo, ine ndinganene pamaso pa komishonala kuti pemitiyo ndi chifukwa chongotola panjira mlandu utayamba. Sindikulonjeza kuti avomera, koma ndi mfundo yoimika. Kwa ena pagulu pano amene mapepala sali bwino: khoti la zantchito linagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda pemiti yoyenera ndi wantchitobe ndipo CCMA ikhoza kumva mlandu wake. Kungoti kubwezeretsedwa pa ntchito kumavuta ngati lamulo silikulola kugwira.

Achemwali anu aku Kanengo ndikudziwa afunsa, ndiye ndiyankhiretu. Kumudzi lamulo ndi lina, la Employment Act la 2000. Gawo 28 limati kontirakiti yotchedwa ya nthawi, ngati kwenikweni ikudzaza malo okhalitsa pa ntchito ya masiku onse ya kampani, imatengedwa ngati yopanda tsiku lothera. Maganizo ofanana, koma njira yodandaulira ndi ina, imayambira ku ofesi ya leba. Tidzakamba padera.

Za ndalama usamange nyumba m'mutu. Chipukuta misozi pa mlandu wotere sichipyola malipiro a miyezi 12, kwa iwe R90,000, ndipo limenelo ndi denga, si chimene aliyense amatuluka nacho. Pa fomu ulembe kuti ukufuna kubwezeretsedwa pa ntchito ngati ukuifunadi, chifukwa ndicho lamulo limaika patsogolo. Pofotokoza mlandu utchule zonse ziwiri: kuti unali kale wokhazikika malinga ndi 198B, ndipo ngati ayi, unali ndi chiyembekezo chomveka malinga ndi 186.

Pakadali pano pita kuntchito mpaka pa 31, osajomba, osakangana ndi kapitawo. Tsiku lomaliza akakupatsa pepala loti usaine polandira ndalama zako, uwerenge kaye. Ngati likunena kuti nkhani yonse yatha ndipo sudzadandaulanso kulikonse, usasaine, unene kuti ukufuna ukaliwerenge kunyumba. Jambula makontirakiti asanuwo, kalata ija, peyisilipi ndi tsamba la pemiti, unditumizire kumbali, osati pagulu pano. Loweruka ndikuimbira tidzaze fomu limodzi.