Mukafuna kudziwa ngati masewera anu a makadi ndi a luso, ikanipo munthu wosaganiza

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndapeka masewera a makadi a anthu anayi. Aliyense amalandira makadi asanu, timaponya limodzilimodzi, woponya lalikulu amadya mulu wonse, ndipo wodya milu yambiri ndiye wapambana. Anzanga akuti amenewa si masewera koma njuga chabe. Ndikonze chiyani?"

Anzanuwo sakunama, ndipo vuto layambira pa kagawidwe. Paketi imakhala ndi makadi 52, inu mukugawa 20 okha, 32 akutsala pansi osawaona aliyense. Ndiye munthu amene wagwira K sangadziwe ngati A wa mtundu womwewo ali m'manja mwa mnzake kapena wagona pansi paja. Popanda chidziwitso chimenecho palibe choti awerengere, amangoponya n'kuyembekeza. Komanso munthu akalandira makadi asanu kuchokera m'paketi yathunthu, maulendo pafupifupi 66 mwa 100 aliwonse sakhala ndi A ngakhale mmodzi. Choncho amene wagwira A awiri wayandikira kale chipambano musanaponye n'komwe, pakuti milu yonse ndi isanu basi.

Musathamangire kuchotsa mwayi wonse. Funso loyenera ndi lakuti mwayiwo ukubwera nthawi yanji: munthu asanasankhe chochita, kapena atasankha kale? Ukabwera poyamba umam'patsa vuto loti alithetse ndi nzeru zake. Ukabwera pambuyo umangofafaniza zomwe anaganiza. M'masewera anuwa mwayi ukubwera poyamba, zimene zili bwino, koma simunam'siyire wolandira makadi ofooka njira iliyonse yopezera mapointi.

Ine ndikanasintha zinthu ziwiri. Choyamba, chotsani makadi onse kuyambira 2 mpaka 6. Patsala 32, kuyambira 7 kufika A, ngati paketi yomwe amasewerera Belote ku France ndi Skat ku Germany. Gawani onse, aliyense asanu ndi atatu. Tsopano palibe khadi lobisala pansi. Amene akukumbukira kuti A wa mtima wapita kale akudziwa kuti K wake wa mtima ndiye wamkulu wotsala, ndipo luso layamba kulipira. Mwayi wosowa A watsikanso kufika pafupifupi 30 mwa 100. Onjezani lamulo lakuti munthu aziponya mtundu womwe wayamba ngati ali nawo, apo ayi kukumbukirako kulibe ntchito.

Chachiwiri ndicho chachikulu: wopambana asakhale wodya milu yambiri, akhale amene wakwaniritsa zomwe analonjeza. Aliyense akaona makadi ake anene kuti adya milu ingati. Akakwanitsa ndendende apeze mapointi 10 kuphatikiza pointi imodzi pa mulu uliwonse, akaphonya, kaya mopitirira kaya moperewera, asapeze kanthu. Njira imeneyi si yatsopano, ndi imene masewera otchedwa Oh Hell amayendera, ndipo kubwereka kotere n'kololedwa. Taonani zomwe zimachitika. Munthu wagwira 7, 8, 8, 9, 9, 10, J ndi Q. Kale akanangogwira tsaya. Tsopano atha kunena kuti "sindidya mulu", koma Q uja ndi minga: ayenera kupeza nthawi yom'taya pansi pa K kapena A wa mnzake. Anzakenso akudziwa, ndiye akuyesetsa kum'kakamiza kuti adye. Wa A atatu nayenso sali pa mtendere, chifukwa akalonjeza itatu n'kudya inayi wagwa.

Pamenepa pali msampha umodzi. Ngati malonjezo onse akwana eyiti ndendende, aliyense atha kukwaniritsa lake popanda kulimbana, masewera n'kuzizira. Muletse womaliza kulonjeza kutchula nambala yokwanitsa eyiti. Anzake akanena 3, 2 ndi 2, iye sangathe kunena 1. Zimenezi zimamupweteka womalizayo, n'chifukwa chake kugawa makadi kuzizungulira, ndipo chiwerengero cha ndime, kutanthauza maulendo ogawa makadi, chizigawika ndi anayi, monga ndime zisanu ndi zitatu, kuti aliyense alawe mpando wowawawo mofanana.

Tsopano kuyesa. Anthu ambiri amasewera ndi anzawo kenako n'kufunsa kuti "mwaaona bwanji?" Anzanu amakukondani, adzati ali bwino. Anuwo mwachita nawo mwayi kuti ndi olankhula mosapsatira, komabe mawu okha sakuuzani pokonza. Pamafunika kope ndi cholembera.

Pemphani mmodzi akhale wosaganiza. Iyeyu azilonjeza 2 nthawi zonse pamene lamulo la womaliza lija silikumuletsa, ndipo ikafika nthawi yake azitenga makadi omwe malamulo akumulola kuponya, kuwatembenuza chafufumimba, kuwasakaniza n'kutolapo limodzi. Enanu sewerani ndi mtima wonse. Chitani zimenezi pa masewera athunthu 20, kaya zitenga masabata angapo. Pakanakhala kuti zonse ndi mwayi, iye akanapambana pafupifupi kasanu, ndipo chilichonse kuyambira katatu mpaka kasanu ndi kawiri chikanakhala chosadabwitsa. Akapambana mowirikiza chotero, zosankha zanu zilibe mphamvu. Akapambana kamodzi kapena osapambana n'komwe, luso lilipo. Yambani mwayesa malamulo anu akale mwa njira yomweyi kuti mukhale ndi poyerekezera. Ndikukayika ngati wosaganizayo angatsalire kutali.

M'kope lomwelo muzilemba amene anayamba kugawa. Mpando umodzi ukapambana maulendo 10 mwa 20, musanene kuti zangochitika, pali lamulo lomwe likuukondera. Kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri musatekeseke nako.

Ngati muli ndi mapaketi awiri ndi anthu asanu ndi atatu, pali njira ina imene amagwiritsa ntchito pa mipikisano ya Bridge. Konzani kuti magulu awiri alandire makadi ofanana ndendende, mpando ndi mpando. Mwayi wa kagawidwe wafanana, ndiye kusiyana kwa mapointi kwachokera m'mitu ya osewera. Magulu onse akamathera pamodzimodzi ndime iliyonse, ndiye kuti makadi akudzisewera okha.

Chenjezo langa ndi lakuti mukhoza kupitirira muyeso. Bawo ilibe mwayi wa kagawidwe, ndipo wophunzira akakhala pansi ndi katswiri amadyedwa mpaka kutaya mtima. Makadi anthu amawakonda chifukwa mlamu wobwera lero atha kugonjetsa mwini nyumba. Mukaona kuti munthu mmodzimodziyo akupambana madzulo alionse, bwezerani mwayi pang'ono: khadi lomaliza kugawidwa lionetsedwe, mtundu wake ukhale wodya mitundu ina yonse pa ndimeyo. Onetsani anthu asanalonjeze, osati atalonjeza kale.

Muzisintha lamulo limodzi pa nthawi, chifukwa mukasintha atatu zinthu n'kuyenda bwino simudzadziwa lomwe lathandiza. Zikakhazikika, lembani malamulo pa tsamba limodzi, mupatse anthu anayi omwe sanawaonepo, inu mukhale pambali osatsegula pakamwa ngakhale akulakwitsa. Mudzapeza mipata yomwe inu simuiona poti mumaidzaza ndi m'mutu: ndani amayamba kuponya, ndani amayambitsa mulu wotsatira, mapointi akafanana pamapeto zimatha bwanji. Paliponse pomwe aima n'kuyamba kutsutsana, ikani chizindikiro m'kope, mukalembenso chiganizo chimenecho musanayitane gulu lina.