Ikwilibiriyamu ikasuntha, n'chiyani kwenikweni chimasintha?

"Zikomo aphunzitsi. Ndili chaka choyamba ku koleji, ndimakhala ku Ndirande. M'manotsi tinalemba kuti ukawonjezera mankhwala a kumanzere, ikwilibiriyamu imasunthira kumanja koma K sasintha. Tsamba lotsatira akuti ukatenthetsa, K amasintha. Nanga chinthu chingasunthe bwanji nambala yake osasintha? Komanso zimene ndawonjezerazo zimatha zonse? Kuloweza ndaloweza, koma sizikundilowa."

Chasokoneza apa n'chakuti manambala alipo awiri, ndipo manotsi ambiri amangotchulapo imodzi. Pali K, amene amanena pamene zinthu ziyenera kukakhazikika pa kutentha kumene mukugwirirapo ntchito. Palinso Q, amene amawerengedwa chimodzimodzi ngati K koma ndi kuchuluka kwa mankhwala amene ali m'botolo panthawi imeneyo, kaya zakhazikika kaya ayi. Mukawonjezera mankhwala mwasokoneza Q, ndipo riyakishoni imayenda mpaka Q atabwerera pa K. Mukasintha kutentha mwasuntha K mwiniwake, ndiye Q ndi amene amanyamuka kumulondola.

Tisanafike pa manambala, kumbukirani kuti pa ikwilibiriyamu palibe chimene chaima. Taganizani maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre masana. Ngati anthu opita ku Limbe pa ola limodzi ali ofanana ndi obwera kuchokerako, chiwerengero cha anthu mbali zonse ziwiri sichisintha ngakhale msewu uli yakaliyakali. Sizitanthauzanso kuti ku Limbe ndi ku Blantyre kuli anthu ofanana. Chofanana ndi liwiro la kupita ndi la kubwerera basi.

Tiyeni titenge riyakishoni imene manambala ake ndi osavuta: asidi wa mu viniga ndi ethanolo, zimene zimapanga esita ndi madzi.

CH₃COOH + C₂H₅OH ⇌ CH₃COOC₂H₅ + H₂O

Pa kutentha kwa m'chipinda, K wa riyakishoni imeneyi ndi pafupifupi 4. Poti mamolekyulu ndi awiri kumanzere ndi awiri kumanja, kukula kwa botolo kumafafanizika powerengera, choncho tikhoza kugwiritsa ntchito mamolo mwachindunji.

Sakanizani molo imodzi ya asidi ndi molo imodzi ya ethanolo. Zikakhazikika mupeza esita mamolo 0.667, madzi 0.667, asidi wotsala 0.333 ndi ethanolo wotsala 0.333. Yesani nokha, za kumanja pamwamba ndi za kumanzere pansi: 0.667 × 0.667 kugawa ndi 0.333 × 0.333, yankho ndi 4.

Tsopano thiranimo molo ina imodzi ya ethanolo. Mphindi yomweyo, chisanachitike chilichonse, ethanolo wafika pa 1.333 pamene zina zonse zili mmene zinalili. Werengani Q: pamwamba pakadali 0.667 × 0.667, pansi pali 0.333 × 1.333. Yankho ndi 1. Q watsika kuchoka pa 4 kufika pa 1, koma K akadali 4 chifukwa kutentha sitinakukhudze. Kuti 1 akwere kufika pa 4, za pamwamba ziyenera kuchuluka ndipo za pansi zichepe. Uku ndiye "kusunthira kumanja" kuja. M'botolomo chimene chikuchitika n'chakuti mamolekyulu a asidi tsopano akugundana ndi a ethanolo kawirikawiri kuposa kale, ndiye riyakishoni yopita kumanja yathamanga kuposa yobwerera. Esita ndi madzi zikamachuluka, yobwererayo nayo imayamba kuthamanga, mpaka ziwirizi zitafanananso.

Zikakhala pati? Tinene kuti esita yense pamapeto ndi x. Asidi wotsala ndi 1 − x, ethanolo wotsala ndi 2 − x.

x² / ((1 − x)(2 − x)) = 4

Mukakonza bwino mupeza 3x² − 12x + 8 = 0, ndipo yankho lotheka ndi x = 0.845. Yankho linalo, 3.15, litayeni, chifukwa molo imodzi ya asidi singabereke mamolo atatu a esita. Choncho esita ndi 0.845, madzi 0.845, asidi 0.155, ethanolo 1.155. Mukawaika mu fomula mupezanso 4.

Yang'anitsitsani ethanolo, chifukwa apa m'pamene ambiri amataya malikisi. Anali 0.333, tinamukweza kufika 1.333, ndipo watsikira pa 1.155. Pa molo yathunthu imene tinathira, mamolo 0.178 okha ndiwo agwira ntchito. Sanabwerere pa 0.333, ndipo sangabwerere. Lamulo limene Henri Le Chatelier analemba mu 1884 limati ikwilibiriyamu imasunthira mbali imene ichepetse kusinthako. Kuchepetsa, osati kufafaniza. Wolemba pa mayeso kuti "ethanolo achepa" walakwa ngati akuyerekeza ndi poyamba paja. Chimene chachepadi ndi asidi, amene sitinamukhudze n'komwe: wachoka pa 0.333 kufika pa 0.155. N'chifukwa chake opanga mankhwala amathira mopitirira chimene chili chotchipa, kuti chodulacho chigwire ntchito pafupifupi chonse. Kuchotsa esita kapena madzi pamene akupangika kumachitanso zomwezo, popeza nakonso kumatsitsa Q.

Riyakishoni ya esitayi ndi yabwino pa pepala koma m'labu ndi yotopetsa. Ilibe mtundu wooneka, ndipo ngakhale mutathira madontho a asidi wamphamvu ngati katalisiti, imatenga masiku kuti ikhazikike. Kuti muone ndi maso, makamaka za kutentha, gwiritsani ntchito kobati kulorayidi.

[Co(H₂O)₆]²⁺ + 4Cl⁻ ⇌ [CoCl₄]²⁻ + 6H₂O

Cha kumanzere ndi cha pinki, cha kumanja ndi cha buluu. Riyakishoni yopita kumanja imamwa kutentha, ndiye kuti ndi endothemiki.

Sungunulani magalamu 2 a CoCl₂·6H₂O m'mamililita 20 a madzi. Aoneka a pinki. Kenaka thirani HCl wosasungunula pang'onopang'ono uku mukutakasa. Mudzafunika mamililita pafupifupi 30, koma musadalire nambalayo, dalirani diso: imani pamene mtundu wafika pa pepo, pakati pa pinki ndi buluu. Gawo limeneli achite ndi mphunzitsi kapena woyang'anira labu, atavala magalasi ndi magulovesi, pamalo okokera utsi kunja, chifukwa asidi ameneyu amafuka utsi wowotcha m'mphuno ndi m'maso. Kobati kulorayidi nayenso ndi poizoni, ndipo zotsala zake sizithiridwa m'sinki.

Gawani madziwo m'matesiti chubu asanu. Yoyamba musaikhudze, ndi yofanizira. M'yachiwiri dontheza madontho a HCl, isanduka buluu, chifukwa Cl⁻ wachuluka. M'yachitatu dontheza madzi, ibwerera ku pinki. Yachinayi iviikeni m'bika ya madzi amene angowira kumene, ipita ku buluu. Yachisanu ikhazikeni m'madzi a ayisi, ipita ku pinki. Mukasinthanitsa yachinayi ndi yachisanu, mitundu nayo isinthana pakangopita mphindi zochepa.

Chubu yachitatu ija ili ndi phunziro lobisika. Ambiri amati yasanduka pinki chifukwa madzi ali kumanja kwa ikweshoni. Chifukwa chachikulu n'chakuti madzi asungunula zonse, ndipo mu Q kuchuluka kwa Cl⁻ kumakwezedwa pa pawa 4 pansi pa mzere. Madzi akawirikiza kawiri, kobati wa pamwamba ndi wa pansi onse atsika ndi theka n'kufafanizana, koma Cl⁻ yekha akweza Q maulendo 16. Q wapitirira K kutalitali, ndiye riyakishoni ithawira kumanzere.

Nanga yachinayi ndi yachisanu? Mwa izi simunathire kanthu ndipo simunachotse kanthu. Mphindi imene chubu yalowa m'madzi otentha, Q ali pomwe analili. Mtundu wasintha chifukwa K wakwera, n'kumusiya Q pansi. Kutentha kumafulumizitsa riyakishoni zonse ziwiri, yopita ndi yobwerera, koma osati mofanana. Mbali imene imamwa kutentha ili ndi mphamvu yoyambira yokulirapo imene mamolekyulu ayenera kuipeza asanasinthe, ndipo riyakishoni yotere ndi imene imapindula kwambiri kutentha kukakwera. Liwiro la mbali ziwirizi likasiya kukhala pa mlingo wakale, malo okhazikikapo nawo amasintha. Choncho riyakishoni yomwa kutentha, K wake amakwera mukatenthetsa. Yotulutsa kutentha, imene imatchedwa ekisothemiki, K wake amatsika.

Pali kanjira kachidule kamene amaphunzitsa, kolemba "kutentha" ngati mankhwala mbali imodzi ya ikweshoni. Kamathandiza kudziwa kumene zisunthire, ndipo sindikukuletsani. Koma ndimakaona kuti ndi kamene kamabala funso ngati lanuli, chifukwa kamachititsa munthu kuganiza kuti kutenthetsa n'chimodzimodzi ndi kuthira ethanolo. Kutentha sikulowa mu fomula ya Q.

Kuyesera kwa kobatiku kukakanika, zifukwa zake zimadziwika. Ngati mukuthira asidi koma pinki sakusuntha, onani botolo: HCl wosungunula wa pa benchi, wa 1 M kapena 2 M, ndi madzi okhaokha pafupifupi, ndipo sangafikitse Cl⁻ pa mlingo wofunika ngakhale mutathira botolo lonse. Ngati chubu ya mu ayisi ikukanirira pa buluu, munapitiriza asidi poyamba paja. Bwezani ndi madontho a madzi mpaka pepo, n'kuyambiranso. Chinanso, asidi akamasakanikirana ndi madzi amatulutsa kutentha, ndiye mtundu umaoneka wa buluu kuposa mmene ulili. Dikirani azizire musanagawe. Ndipo popanda chubu yofanizira ija pambali, patsogolo pa pepala loyera, diso limanama.

Kukula kwa kusunthako kumadalira kuchuluka kwa kutentha kumene riyakishoni imamwa kapena kutulutsa. Ya esita ija imatulutsa kochepa zedi, choncho mukaitenthetsa imakhazikika msanga koma K sachoka kutali ndi 4. Apa ndi posiyanitsa bwino liwiro ndi zokolola. Katalisiti nayenso amangofulumizitsa mbali zonse ziwiri mofanana, sakhudza K ngakhale pang'ono.

Kumene nkhani ya kutenthayi imaluma ndi popanga amoniya, amene amapangira feteleza wa yureya amene timathira m'chimanga.

N₂ + 3H₂ ⇌ 2NH₃, ΔH = −92 kJ

Chizindikiro chochotsera chikutiuza kuti yopita kumanja imatulutsa kutentha, ndiye K ndi wamkulu pozizira. Vuto n'lakuti pozizirapo nayitirojeni sachita kanthu, mukhoza kudikira zaka. Mafakitale amatenthetsa kufika pa 450 °C kapena cha pamenepo, ndi katalisiti wa chitsulo ndi puresha yokwana maulendo pafupifupi 200 kuposa ya mpweya wa panja, akudziwa kuti K watsika kwambiri ndipo pa ulendo umodzi apeza amoniya wa 15 pa 100 aliwonse kapena cha pompo. Zimene ataya pa K amazibweza kudzera mwa Q: amaziziritsa mpweya wotulukawo mpaka amoniya atasanduka wamadzi, n'kumuchotsa, ndipo nayitirojeni ndi hayidirojeni wotsala amamubwezera mu thanki momwe Q wagweranso pansi pa K.