Ndimuthokoze bwanji mnzanga, poti ndalama zake sindinazipeze?

"Achemwali, mnzanga uja wa kwaya anandibwereka K150,000 mwezi wathawu mwana atagonekedwa, lendi ilinso pakhosi. Mpaka lero sindinamuthokoze bwinobwino, ndikuchita manyazi poti zobweza ndilibe. Ndimuuze chiyani? Ndidikire kaye ndizipeze?"

Eya, ndamva chemwali. Ndikuyankha pa mawu chifukwa manja ali m'madzi, ndiye upirire phokoso la mapotoli. Ndikuyankhira pagulu pompano dala, pali ena muno akungowerenga mwakachetechete koma nkhaniyi ikuwakhudza, akudzidziwa okha.

Usadikire. Pita Loweruka lomweli, upite wekha ndi miyendo yako. Usatume mwana, usatumenso uthenga kudzera mwa mnzanu wina wa kwaya, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Iwe ukuganiza kuti ukapita chimanjamanja achita kukuyang'ana m'manja. Ayi. Chimene akuyang'ana panopa ndi foni yake, kuti kodi munthu uja wangoti zii bwanji.

Ndikuuze zimene ndinachita ine, amayi akuzidziwa, mwina iwe sunamvepo. Mu Okutobala 2023, alamu ako ntchito itaima, ndinabwereka K80,000 kwa mnzanga wina wogulitsa kaunjika. Sanandifunse zambiri. Anangomasula kachikwama kaja amamanga m'chiuno mkati mwa chitenje, n'kuwerenga pomwepo, ma K2,000 okhaokha, ena ofewa ngati masamba a chisoso. Ine ndi chimwemwe ndinati, "Mwezi ukatha ndibweza zonse." Sanandifunse tsiku, ndinadziyikira ndekha. Mwezi unatha, ndalama palibe. Ndinayamba kuzungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pa benchi yake. Foni ikalira ndikuona dzina lake, ndinkaiyang'ana mpaka itasiya yokha. Kutchalitchi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe, ine munthu wamkulu ndithu.

Ndiye mu Novembala muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ukukumbukira mmene zinthu zinakwerera sabata imodzi. Ndalama anandipatsa ija sinali yongokhala, inali mpamba, yoti aphatikize n'kukapikula belo. Ine pobweza mu Januwale, K80,000 inali yomweyo powerenga, koma kumene amapikula katundu inali itachepa mphamvu. Ndinakhala pa mpando wake manyazi ali tho. Iye anandiuza kuti za belozo anazipirira, chinamuwawa n'chakuti anandiona tsiku lina ndikukhota pa chigayo paja. Akanadziwa kuti ndichedwa, akanatenga ngongole ku banki mkhonde yawo n'kugula katundu mitengo isanakwere. Kukhala chete kwangako n'kumene kunamudyera phindu. Mpaka lero ndikaganiza ndimamva kutentha kumaso.

Ndiye iwe ukapita, uyambe ndi zikomo payekha, usamusakanize ndi madandaulo. Anthufe timalakwitsa, timafika n'kuyamba kulira mavuto, zinthu zavuta, malipiro achedwa, mwininyumba akuvuta, mpaka wobwereketsa uja ndi amene akuyamba kutipepesa. Mavuto ako akuwadziwa kale, n'chifukwa chake anakupatsa. Muuze chimene ndalama yake inachita. Unene motere, kapena m'mawu akoako: "Anzanga, ndabwera kudzathokoza. K150,000 munandipatsa ija, K50,000 ndinalipira lendi, ina ndinagulira mankhwala amene anatilembera kuti tikagule kunja, yotsala inali ya thiransipoti ndi chakudya cha kuchipatala. Mwana watuluka, akusewera. Febuluwale ndi mwezi woti aliyense akulira chimanga ndi fizi, inu munachotsa pakamwa pa ana anu n'kundipatsa ine. Sindikuitenga mopepuka."

Waona ndatchula nambala? Utchule ndithu, mokweza. Maubwenzi ambiri amathera pamenepo, wina akuti inali handiredi fifite, wina akuti ayi, twente ija munati ndi ya mwana. Ukaitchula iwe wobwereka, iye wapepukidwa, sakufunikanso kukukumbutsa.

Dikira ndichepetse makala... Eya.

Tsopano lonjezo. Apa ndiye ukhale wouma mtima pang'ono, chifukwa lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Iye akakulandira bwino, tiyi ali patebulo, pakamwa pako padzafuna kunena kuti "mwezi uno ndimaliza." Luma lilime. Tiye tiwerengere limodzi. Unandiuza kuti kushopu umalandira K180,000. Lendi K50,000, minibasi K30,000, chakudya ndi makala tinene K40,000 ukapanikiza, chipereganyu chanu chija K20,000. Zonse pamodzi K140,000. Yotsala K40,000, ndipo apo sopo sitinagule, mayunitsi a magetsi sitinagule. Ndiye 150 uitenga kuti mwezi umodzi? Ngakhale K40,000 yonseyo usalonjeze. Lonjeza K30,000 pamwezi, miyezi isanu. Kuyambira malipiro a Malichi, kumalizira malipiro a Julaye. Ikuoneka yaitali, ndikudziwa, ndipo uchita manyazi poitchula. Koma K30,000 yofika tsiku lake iye angathe kuikonzera, akudziwa kuti iyi ndi ya ufa, iyi ya yunifolomu. K150,000 yongomveka m'kamwa sangagulire nayo ngakhale mchere.

Tsiku nalonso usankhe mwanzeru. Abwana ako amalipira pa 28 zinthu zikayenda bwino, koma kangati akufikitsa pa 2? Ndiye usanene kuti kumathero a mwezi. Unene kuti pa 5 mwezi uliwonse. Yoyamba pa 5 Epulo, yomaliza pa 5 Ogasiti. Ukalandira pa 28, tumiza pa 28 pomwepo usanalowe mumsika, ifike msanga iye adabwe. Ndalama ikagona m'nyumba imapeza ntchito yokha, iwe ukudziwa.

Za chipereganyu, paja muli asanu, ndiye mwezi wako wa Meyi ulandira K100,000. Usamuuze zimenezo. Sikubisa ayi, koma chipereganyu ndi ndalama ya m'matumba mwa anthu ena anayi, mmodzi akadwalitsa kapena kugwa maliro kwawo, iwe wasanduka wabodza pa chinthu chimene si cholakwa chako. Ikabwera yonse, chabwino: wapereka kale 30 ndi 30, yatsala 90, umalizeko pomwepo miyezi iwiri isanakwane imene unanena. Ikapanda kubwera, palibe chimene waphwanya.

Ukamaliza kufotokoza, umufunse funso ili, limene ine sindinafunse: "Kodi ndalamayi inali ya chiyani, ndipo pali tsiku limene mukuifuna?" Akhoza kuyankha mwaulemu kuti aa musadandaule, nthawi iliyonse. Usavomere msanga, funsanso kachiwiri. Ngati anakutengera ku banki mkhonde m'dzina lake, ndiye kuti ikubereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi ndipo akulipira ndi iyeyo mwakachetechete. Kugulu kwathu timaika 20 pa 100 iliyonse pamwezi, ndiye pa K150,000 ndi K30,000 mwezi umodzi wokha. Ukuona? Zikakhala choncho, ka 30 kako kaja kakungolipira chiwongoladzanja, ngongole ili chiimire. Pamenepo dongosolo lonse lisintha, ubwerenso pagulu pano tisonkherane tiitseke msanga, achimwene akumva kumene aliko. Koma ngati inali yake yosunga, miyezi isanu ija ili bwino.

Chinthu chimodzi ndikukuletseratu, usapite kwa akatapila kuti ukabweze mnzakoyo msanga n'kuchotsa manyazi. Kumeneko utenga 150 n'kukabweza 200 ndi kanthu, akulanda ndi khadi la kubanki. Mnzako sangakondwe kumva kuti wamubwezera ndi ndalama yotero.

Pomatumiza, kaya ndi pa Airtel Money kaya pa Mpamba, uziwonjezera yotapira. Funsa kwa ajenti kuti kutapa K30,000 akudula zingati, uike pamwamba. Asakalandire yoperewera pa ndalama imene anakupatsa yathunthu m'manja. Uone dzina lisanapite, usanalowetse pini, ndipo meseji ija usafufute. Ukatumiza umulembere mzere umodzi: "Ndatumiza 30, yatsala 120, zikomo." Mwezi winawo, yatsala 90. Gula kakope ka masamba ochepa uzilembamo tsiku ndi yotsala. Si kuti simukhulupirirana, mutu umaiwala, makamaka pofika mwezi wachinayi.

Ndipo mwezi wina udzalephera, ndikukuuziratu, miyezi isanu siitha popanda chogwa. Ukaona pa 1 kuti sizikwana, imba pa 1 pomwepo, osati pa 6. Imba, osalemba. "Anzanga, mwezi uno ndakwanitsa 15, ina 15 ndiphatikiza pa 5 mwezi wamawa." Ndipo ka 15 kameneko katumize ndithu, usati n'kochepa ndidikire kakwane. Kuimba foni imeneyo kumawawa mphindi ziwiri basi. Ine njira ya kuchigayo ndinaiyenda miyezi itatu, matope ali m'mawondo.

China, amuna ake akudziwa? Usakafike n'kuyamba kugwada pabwalo bambo ali pakhonde, kuti zikomo chifukwa cha ndalama zija, mwina mayi anatapa pobisika pake. Muitanire kumbali, kukhitchini. Za kumuthokoza pa sitetasi kapena kuimirira pa kwaya kupereka umboni, usayerekeze asanakulole. Mawa anthu asanu adzakhala pakhomo pake, aliyense ndi vuto lake, ndipo akawakana adzati amasankha. Komanso sitetasi yomweyo uisamale miyezi imeneyi. Ndaona mesh ija unafunsa mtengo, eya ndinaona, idikire Ogasiti. Munthu amene ukumupatsa 30 pamwezi asakuone ndi mutu wa 40.

Loweruka usapite ndi mphatso yogula, angaganize kuti ndalama zilipo koma ukuzimwaza. Tenga za kumunda. Amayi, mtedza uja munatumiza udakalipo kwa iyeyu? Ngati ulipo, mbale imodzi yosenda, umange bwino mu kansalu. Ine kwa mnzanga uja ndinayesa kuwonjezera K10,000 pamwamba chifukwa cha kugwa kwa kwacha, anakana, akuti ine si katapila. Sabata yotsatira ndinapita ndi nkhuku yachikuda, thadzi lakuda, imeneyo ndiye analandira, ndipo sanaiphe, pano ili ndi zidzukulu. Iwe nkhuku udzatenge pa tsiku lomaliza, podzanena kuti yatsala ziro.

Upite ndi mwanayo amuone ndi maso ake. Ukabwerako undiimbire, makamaka zija za banki mkhonde ndikufuna kumva lomwelo. Aaa, mpunga wanga wapserera, basi ndaduka.