Kuwerenga zilembo za Chirasha m'sabata imodzi: zovuta ndi zomwe mukuganiza kuti mukuzidziwa kale

"Ndapeza mwayi wokaphunzira udokotala ku Russia ndipo ndinyamuka mwezi wamawa. Makalata omwe anditumizira sinditha kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Mnzanga akuti zilembo zawo munthu angathe kuziphunzira m'sabata imodzi. N'zoona? Ndiyambire pati?" Wophunzira wa ku Mzuzu

Mnzanuyo sakunama, malinga timvane za chomwe mupeze pakutha pa sabatayo. Mudzatha kutchula mawu olembedwa pachikwangwani, pachiphaso ndi pafomu, pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade 2. Kumva tanthauzo lake ndi ntchito ina, yomwe mukaigwire m'chaka chokonzekera chomwe ophunzira akunja ambiri amayamba nacho asanalowe maphunziro enieni. Afabeti ya Chirasha, yomwe ndi imodzi mwa afabeti za Chisililiki, ili ndi zilembo 33: mavawelo 10, makonsonanti 21 ndi zizindikiro ziwiri zomwe sizimveka pazokha. Patulani mphindi 40 m'mawa ndi zina 20 madzulo, mukhale ndi kope ndi cholembera, ndipo musaloweze zilembozi mwandondomeko yake kuyambira А mpaka Я. Ndondomeko imeneyo imathandiza pofufuza mawu m'dikishonale basi.

Tsiku loyamba n'lopepuka. Zilembo А, К, М, О ndi Т zimaoneka ndi kumveka monga mukuzidziwira. Onjezanipo Е, yomwe imamveka ngati ye wa mu "yenda". Ndi zisanu ndi chimodzi zimenezi muwerenga kale мама, атом, какао ndi комета. Pano muli ndi mwayi womwe Mngelezi alibe, chifukwa mavawelo a Chirasha akatchulidwa mwamphamvu amamveka ngati athu: a wa "atate", o wa "ona". Choncho pansi pa chilembo chilichonse m'kopemo lembani liwu la Chichewa loyamba ndi kamvekedwe kake. Chingelezi chisiyeni pambali sabata yonseyi, chimangowonjezera njira yokhota.

Masiku awiri otsatira muwapereke ku zilembo zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo musaone ngati n'kutaya nthawi. Zilembozo ndi В, Н, Р, С, У ndi Х. Maso anu akhala akuziona kuyambira muli wamng'ono, ndiye amathamangira kuzitchula musanaganize n'komwe. Koma В ndi v wa "vuto", Н ndi n wa "nyemba" popanda y, Р ndi r, С ndi s wa "sopo", ndipo У ndi u wa "ufa". Chilembo chachilendo kwenikweni, monga Ж, munthu amachiphunzira msanga poti m'mutu mulibe china cholimbana nacho. Izi zisanu ndi chimodzi zimafuna kuti muyambe mwazula chizolowezi cha zaka zoposa khumi, ndipo ndi zomwe zimabwerera munthu akatopa kapena akamafulumira.

Titenge liwu РЕСТОРАН. Diso losazolowera liwerenga "pektopa". Ikani chala pa chilembo chimodzichimodzi: Р ndi r, Е ndi ye, С ndi s, Т ndi t, О ndi o, Р ndi r, А ndi a, Н ndi n. Mwapeza "restoran", malo odyera. Chitani chimodzimodzi ndi МЕТРО, КАССА ndi МОСКВА. Popeza mukupita ku udokotala, yesaninso нос (mphuno), рот (pakamwa), рука (dzanja), ухо (khutu) ndi вена (mtsempha). Onsewa alembedwa ndi zilembo 12 zomwe mwaphunzira pofika tsiku lachitatu.

Х ndi yofunika kuisamala. Mabuku ambiri amailemba kuti "kh", ndipo ife tikaona kh timatchula ngati mu "khasu", kutseka mpweya kenako n'kuutulutsa mwamphamvu. Х satseka mpweya. Kwezani kumbuyo kwa lilime ngati mukufuna kutchula k, koma musagunde kumwamba, mpweya uzingodutsa mokhula. Mukatha kulikoka liwulo kwa masekondi atatu osaduka, mwalipeza. Ngati likuduka, mukadali pa kh wathu.

Njira yodziwira ngati zilembo zonyengazi zakhazikika ndi iyi. Madzulo a tsiku lachitatu lembani mawu a Chichewa m'zilembo za Chirasha, monga мото, нсомба mukadzaphunzira Б, манта, сома, вута. M'mawa mwake muwawerenge mokweza musanayang'ane china chilichonse. Poti ndi chilankhulo chanu, khutu lidzakuuzani lokha mukalakwitsa. Mukawerenga вута kuti "byta" kapena "buta", ndiye kuti В ndi У sizinakhale, bwerezani musanapitirire.

Tsiku lachinayi mutenge zilembo khumi: Б, Г, Д, З, И, Й, Л, П, Ф ndi Э, zomwe ndi b, g, d, z, i, y wamfupi, l, p, f ndi e wa "eya". Zambiri mwa izi zinachokera ku Chigiriki, ndipo zina munazionapo m'masamu a ku sekondale. П ndi pai uja wa 3.14, Д ndi delita. Tsikuli mudzawerenga ПАСПОРТ, АПТЕКА (sitolo ya mankhwala), УНИВЕРСИТЕТ, komanso Малави, Лилонгве, Зомба ndi Мзузу. Onani kuti pa Малави ndi Лилонгве w wathu walembedwa ndi В, chifukwa Chirasha chilibe chilembo cha w.

Apa pali vuto lomwe ndi lathu ife a Chichewa, ndipo mabuku olembedwera Azungu salitchula. Kwathu l ndi r sizisiyanitsa mawu. Wina akati "Malita" wina "Marita", tonse timadziwa munthu wake. Ku Chirasha Л ndi Р ndi zilembo zosiyana ngati p ndi b. Игла ndi singano, игра ndi masewera. Лак ndi vanishi, pomwe рак ndi khansa kapena nkhanu. Р amatchulidwa monjenjemeretsa nsonga ya lilime kuseri kwa mano akumwamba. Л lilime limangotsamira pamano osagwedera. Lembani mawu anayiwa papepala, mnzanu azikulozerani mosakaniza, inu muzitchula, ndipo mujambule mawu anu pafoni kuti mudzimvere nokha. Izi zokha sizidzatha m'sabata imodzi, muzichita mpaka tsiku lonyamuka.

Tsiku lachisanu limaopsa poliona koma ndi losavuta kwa ife. Ц ndi ts wa "tsiku", yemwe Angelezi amavutika naye kumayambiriro kwa liwu. Ч ndi ch wa "chaka", Ш ndi sh wa "shuga". Я, Ю ndi Ё ndi ya, yu ndi yo. Ж ndi sh yemweyo koma kukhosi kukunjenjemera; ikani dzanja pakhosi mumve kusiyana kwake. Щ ndi sh wautali, lilime litakwera ngati mukuyamba kutchula i. Liwu loyesera ndi ОБЩЕЖИТИЕ, nyumba yogona ophunzira, lomwe mudzalifune tsiku lomwelo lofika.

Zatsala zitatu za tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ы ndi vawelo yomwe kwathu kulibe: tchulani u, kenako tambasulani milomo ngati mukumwetulira osasuntha lilime. Ь simveka payokha, imafewetsa konsonanti yomwe ili kumanzere kwake. НЬ imayandikira ny wa "nyumba", ndiye день (tsiku) amatha ndi ny wopanda vawelo. Брат ndi m'bale wamwamuna, брать ndi kutenga. Ъ imapezeka mwa apo ndi apo, ntchito yake ndi kulekanitsa konsonanti ndi ya, ye, yo kapena yu wotsatira.

Nthawi yotsala ya tsikuli ipite ku zilembo zofanana maonekedwe, ndipo muzizilemba ndi dzanja moyandikana. Б ili ndi denga, В ili ndi mimba ziwiri, Ь ili ndi mimba imodzi yapansi popanda denga, Ы ndi Ь yokhala ndi kandodo pambali. Ш ili ndi mizati itatu, Щ ndi yomweyo yokhala ndi kamchira, Ц ili ndi mizati iwiri ndi kamchira. Mzere wa pakati pa Н ndi wogona, wa И ndi wopendekeka. З ndi Э zimasokoneza zikalembedwa zazing'ono, ndipo З imafanananso ndi nambala 3. Pabwalo la ndege mudzaona ВХОД ndi ВЫХОД. Loyambalo ndi polowera, lachiwirilo potulukira, ndipo chosiyanitsa ndi Ы yekhayo.

Tsiku lomaliza tengani makalata anu aja muwerenge dzina lanu. Ichi ndimachilimbikitsa kwambiri kuposa zonse, chifukwa olemba mayina athu m'Chirasha amayang'ana zilembo zapapasipoti osadziwa katchulidwe kathu. Ph wathu akhoza kumuyesa f wa Chingelezi, Phiri n'kulembedwa Фири, pomwe pepala lina lalemba Пири kapena Пхири. Th ndi w amachitanso chimodzimodzi. Kalembedwe kalikonse mwa aka kakhoza kugwira ntchito, koma kakhale kamodzi pakalata yokuitanani, pa viza ndi pamapepala anu a sukulu omasuliridwa. Yerekezani chilembo ndi chilembo, ndipo mukapeza kusiyana dziwitsani ofesi ya ophunzira akunja ya yunivesite yanu musananyamuke. Kukonza dzina mutalembetsa kale kumadya nthawi.

Pali malire awiri omwe sabatayi siwafika. Oyamba ndi a mphamvu ya liwu. Ife timakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto pafupifupi m'mawu onse, koma ku Chirasha mphamvu imagwera paliponse ndipo silembedwa m'mabuku wamba. О wopanda mphamvu amamveka ngati a, n'chifukwa chake Москва amati "maskva" ndipo молоко (mkaka) amati "malako", mphamvu ili kumapeto. Liwu lililonse latsopano mulimvetsere kwa mwini chilankhulo kapena pa dikishonale ya pafoni yotulutsa mawu, n'kuika kachizindikiro pamwamba pa vawelo yamphamvuyo. Dziwaninso kuti timadontho tiwiri ta Ё nthawi zambiri satilemba, imangooneka ngati Е. Ndipo pewani kulowetsa mavawelo pakati pa makonsonanti monga timachitira ndi "sitolo". СТОП ndi silabo imodzi.

Malire achiwiri ndi zolemba pamanja. Aphunzitsi a kumeneko amalemba pabolodi zilembo zolumikiza, ndipo zina zimasinthiratu: т imaoneka ngati m wathu, и ngati u, п ngati n, д ngati g. Munthu yemwe amawerenga bwino zikwangwani akhoza kusowa pogwira m'kalasi loyamba. Masabata atatu omwe akutsalirani musananyamuke muwagwiritse ntchito pamenepo: pezani tchati cha zilembo zolemba pamanja, muzikopera mizere isanu patsiku, kuyambira ndi mawu omwe mwawerenga kale m'sabatayi.