Kuyabwa kumaliseche ndi chikazi choyera cholimba

"Papita sabata ndikumva kuyabwa kumaliseche moti usiku tulo sindikutiona. Ndikutuluka chikazi choyera, cholimba, koma chosanunkha. Zinayamba nditangomaliza amokisisilini amene ndinkamwa chifukwa cha dzino. Mnzanga anandipatsa fulajilo koma palibe chasintha. Kodi amuna anga andipatsira matenda?"

Achemwali, musafulumire kuwaimba mlandu bambo akunyumba. Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi kandida, amene ambiri amangomutchula kuti mauka, ngakhale dzina limeneli anthu amatchulira kuyabwa kwa mtundu uliwonse. Kandida ndi kafangayi kamene kamakhala kale m'njira ya abambo mwa amayi ambiri, osavutitsa. Chimene chimakaletsa kuchulukana ndi mabakiteriya abwino okhala momwemo. Amokisisilini uja sasankha: popha tizilombo ta m'dzino anaphanso ena mwa mabakiteriyawa, kandida n'kupeza malo. Amayi pafupifupi atatu mwa anayi alionse amadwalapo zimenezi kamodzi pa moyo wawo, ngakhale amene sanagonepo ndi mwamuna.

Pa kandida, chovuta chachikulu ndi kuyabwa. Chikazi chimakhala chamibulumibulu ngati mkaka woundana, chimamatirira m'mbali, ndipo fungo lake silidetsa nkhawa. Khungu lakunja limafiira, limatupa, nthawi zina limang'ambika pang'onopang'ono chifukwa chokanda. Mkodzo ukakhudza pong'ambikapo pamawotcha, ndipo ena amaganiza kuti ndi matenda a chikhodzodzo, chonsecho ululuwo uli kunja.

Fulajilo walephera chifukwa si mankhwala a fangayi. Iye amachiza matenda ena awiri amene anthu amawasokoneza ndi kandida. Oyamba ndi kusokonekera kwa mabakiteriya a m'njira ya abambo. Apa chikazi chimakhala chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba, makamaka mukangotha kugonana, koma kuyabwa kumakhala kochepa kapena kulibiretu. Achiwiri ndi tirikomonasi, ndipo awa ndiye opatsirana pogonana. Chikazi chake chimachuluka, chimakhala chachikasu kapena chobiriwirako, nthawi zina chathovu, chimanunkha komanso chimayabwitsa. Pa tirikomonasi, mwamuna ayenera kulandira mankhwala nthawi imodzi ndi mkazi, apo ayi amangobwezerana. Ndiye choyamba kuona ndi fungo ndi kulimba kwa chikazicho. Kuyabwa pakokha sikunena zambiri, poti ngakhale sopo wonunkhira amayabwitsa.

Komabe maso amanamiza, ndipo matenda awiri akhoza kubwera pamodzi. Ngati aka n'koyamba kuona zoterezi, pitani kuchipatala akakuoneni. Kumene kuli zipangizo amatenga chikazi pang'ono n'kuchiyang'ana pa maikulosikopu.

Akapeza kuti ndi kandida, mankhwala ofala ndi kulotirimazolo, mapiritsi olowetsa m'njira ya abambo. Alipo a mamiligalamu 500 olowetsa kamodzi kokha, a 200 olowetsa mausiku atatu, ndi a 100 olowetsa mausiku asanu ndi limodzi. Sambani m'manja, gonani chagada, kankhirani piritsi mkati ndithu, ndipo muzichita izi pogona kuti lisatuluke mukamayenda. M'mawa mukaona zoyera ngati choko pa kabudula wamkati musadabwe, ndi zotsalira za piritsilo. Kunja koyabwako mumapaka kirimu wa mankhwala omwewo kawiri kapena katatu pa tsiku, koma kirimu wopaka kunja yekha sathetsa za mkati. Dziwaninso kuti mankhwalawa amafooketsa kondomu. Palinso fulukonazolo, kapisozi mmodzi wa mamiligalamu 150 wakumwa kamodzi. Ameneyu mayi woyembekezera asamwe. Iye amapatsidwa olowetsa, kwa masiku pafupifupi asanu ndi awiri.

Kuyabwa kumayamba kuzizira pakatha masiku awiri kapena atatu. Kukazizira musasiye mankhwala panjira. Ndipo chonde, za kutawasa mkati ndi sopo, mchere kapena zitsamba zisiyeni, chifukwa zimachotsa mabakiteriya omwe aja tikufuna abwerere. Madzi okha kunja akwanira, kenako muumitse bwino. Amuna anu safunika mankhwala pokhapokha nawonso akumva kuyabwa kapena afiira kunsonga kwa chida chawo.

Sabata ikatha mutamaliza mankhwala koma osasintha, bwererani kuchipatala, mwina si kandida kapena ndi mtundu wina wosamva mankhwalawa. Akamabwerabwera kanayi kapena kuposa pa chaka, kayezetseni shuga ndi HIV, chifukwa zonsezi zimapatsa kandida mpata. Koma mukamva kupweteka m'munsi mwa mimba, thupi kutentha, mukaona zilonda kumaliseche kapena magazi mukatha kugonana, zimenezo si za kandida, pitani tsiku lomwelo.